Akakufunsani Chifukwa Chimene Mukusiyira Ntchito: Kayankhidwe Kosanyoza Bwana Kapena Anzanu

Mng'ono wanga anabwera kunyumba kutatsala masiku atatu kuti akalowe intaviyu, kalata yomuitana ili m'manja. Anali atagwira ntchito yoyang'anira katundu pakampani ina kwa zaka zinayi, ndipo mtima unali utachokapo kale. Ndinamukhazika pampando, ine n'kukhala ngati wofunsa. Mafunso oyamba anawayankha bwinobwino. Nditangoti, "Tiuzeni, n'chifukwa chiyani mukufuna kusiya ntchito imene muli nayo?" anapumira m'mwamba, n'kuwerama pang'ono, n'kuyamba: "Achimwene, kunena zoona abwana aja ndi ovuta. Lero akuuza izi, mawa akusintha, katundu akasowa mlandu ndi wako, kukalipira kwake pagulu." Analankhula mphindi zitatu zathunthu. Zonse zimene ananena zinali zoona, ine ndinkazidziwa. Koma ndikanakhala kuti ndine wolemba ntchito, ndikanamuchotsa pamndandanda asanamalize n'komwe.

Ndakhalapo kangapo mbali ya ofunsa mafunso, ndipo ndikuuzeni chimene chimachitika kumeneko. Nthawi zambiri wofunsayo bwana wanu samudziwa. Sanaonepo nkhope yake, sanamvepo mbali yake, ndipo alibe njira yodziwira amene akulakwa pakati pa awirinu. Munthu amene akumuona ndi maso ndi inuyo basi. Ndiye chilichonse chimene munganene chokhudza bwana wanu, iye amachilemba pa dzina lanu. Mumtima amakhala akudzifunsa zinthu zitatu: kodi munthuyu akuthawa vuto limene adzalipezenso kuno, kodi adzakhalitsa, nanga tsiku limene adzachoke kuno azidzatinena bwanji ifeyo? Yankho lanu liyenera kumuchotsa nkhawa zitatuzi popanda bodza ngakhale limodzi. Njira yake ndi iyi.

Poyamba, khuthulani zonse papepala

Musayambe ndi kufunafuna mawu okoma. Tengani pepala, nokhanokha, mulembe zifukwa zonse zimene mukufunira kuchoka, mmene zilili mumtima, ndi ukali wake womwe. Pepala limeneli palibe amene adzalione. Ntchito yake n'kutulutsa mkwiyo kunyumba, chifukwa mkwiyo umene sunatulukeko kulikonse umakatulukira pa intaviyu, pamene mantha akugwirani ndipo wina wakufunsani mwaulemu zimene palibe anakufunsanipo zaka zonsezi.

Mng'ono wangayo analemba zinthu zisanu ndi chimodzi. Bwana amakalipa pagulu. Bwana amasintha malangizo osanena. Mnzake wina ndi kazitape wa abwana. Malipiro anachedwa miyezi itatu motsatizana. Zaka zinayi ali paudindo umodzi. Katundu yense amamulemba m'mabuku pamanja, pamene iye anaphunzira kugwiritsa ntchito kompyuta powerengera katundu ndipo luso limenelo likungogona.

Mukalemba, gawani zifukwazo m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zigamulo zanu pa khalidwe la anthu: uje ndi wankhanza, uje ndi waulesi, akuluakulu ndi okondera. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zokhudza ntchito yeniyeniyo, zimene munthu wina atapita kukaona angazipeze mmene mwanenera: kampaniyo ili ndi antchito angati, pamwamba panu pali udindo kapena palibe, mumagwiritsa ntchito zida zanji, kontirakiti ikutha liti, ntchitoyo yasintha bwanji chilowereni. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Dzifunseni ngati bwana wanuyo, atamva chiganizocho, angatsutse. Mukati ndi wankhanza adzatsutsa. Mukati pamwamba pa woyang'anira katundu pali mwini kampani yekha, sangatsutse, chifukwa ndi mmene zilili. Za m'gulu loyamba zimatsala papepalapo. Yankho lanu lichokera m'gulu lachiwiri.

Kenako sankhani chifukwa chimodzi

Chimodzi chokha. Munthu akatchula zifukwa zinayi, ngakhale zonse zitakhala zaulemu, womvera amangomva mndandanda wa madandaulo. Chifukwa chimene musankhecho chiyenera kudutsa mayeso atatu.

Loyamba: chikhale choona. Sichikuyenera kukhala chifukwa chachikulu koposa zonse, koma chikhale chimene chikukukankhanidi. Anthu ena amaganiza kuti kusanyoza bwana ndiye kupeka nkhani, monga kunena kuti akusamuka pamene sakusamuka, kapena kuti kampani ikutseka pamene ikuyenda. Ameneyo ndi msampha woposa kunyoza kuja. Olemba ntchito ambiri amaimbira foni anthu okuchitirani umboni, ndipo ena amafunsa mwachindunji kuti munachoka bwanji. Bodza likadziwika mutalembedwa kale, m'malo ambiri limakhala chifukwa chokwanira chokuchotserani. Kusankha choona chimodzi pakati pa zoona zisanu ndi chimodzi si bodza. Palibe amene wakulumbiritsani kuti muulule zonse za mumtima.

Lachiwiri: muthe kuchinena bwana wanu wapano atakhala pampando wapafupi, inu osachita manyazi, iye osakwiya. Mayeso amenewa si ongoyerekeza. Anthu a ntchito yofanana amadziwana, amakumana m'misonkhano, ena anaphunzira limodzi. Sakumana ndi mapiri. Mmodzi wa okufunsaniwo akhoza kukhala mnzake wa amene mukumunenayo, ndipo sadzakuuzani.

Lachitatu ndi limene ambiri amaliiwala: ntchito yatsopanoyo ikhale nachodi chimene mukuti mukuchisowa. Mukati mukufuna malo okwera maudindo, koma kumene mukufunsirako kuli antchito asanu, mwadzitsekera nokha. Mukati mwatopa ndi kugwira ntchito mpaka usiku, koma pa chilengezo cha ntchito analemba kuti pamafunika kugwira mashifiti, wofunsayo wadziwa kale kuti simudzatha chaka. Choncho werenganinso chilengezocho mzere ndi mzere, muike chizindikiro pa zinthu zimene kwanu kulibe koma kuno zilipo. Pamene pepala lanu la zifukwa likukumana ndi chilengezo chawo, pamenepo ndi pamene pali yankho lanu.

Kwa mng'ono wanga panapezeka mosavuta. Chilengezo chinkati akufuna munthu woyang'anira malo awiri osungira katundu, wodziwa kuwerengera katundu pakompyuta, amene aziyang'aniranso anthu atatu. Pa zifukwa zake zija, ziwiri zinagwirizana ndi zimenezi: kukhala paudindo umodzi, ndi luso limene likungogona. Tinaziphatikiza n'kukhala chimodzi.

Iye sanakhutire msanga. Anati, "Koma achimwene, chimene chikundichotsa kwenikweni ndi abwanawo. Ndikapanda kuwatchula sindikunama?" Ndinamufunsa kuti, abwanawo atati asinthe mawa n'kukhala munthu wabwino, iwe ungakane ntchito yatsopanoyi? Anakhala chete, kenako anati sangakane. Ndiye kuti chifukwa chinacho n'choona pachokha, chikhoza kuima popanda kutsamira pa bwana. Inunso dzifunseni funso lomweli. Ngati yankho ndi lakuti mungakane, ndiye kuti mukungothawa, ndipo ndi bwino muganizenso ngati ntchito imeneyo mukuifunadi.

Mangani yankho la mbali zitatu

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri. Yankho labwino limakhala ndi ziganizo zitatu kapena zinayi, zotenga masekondi 30 mpaka 45 polankhula. Likapitirira mphindi imodzi, nthawi zambiri mumakhala mwayamba kudzitchinjiriza, ndipo munthu wodzitchinjiriza amafunika womuloza chala.

Mbali yoyamba ndi chinthu chimodzi chimene mwapindula pantchito yapanoyo. Chikhale chogwirika. Kunena kuti "ndaphunzira zambiri" sikuthandiza, aliyense amatero. Nenani chimene mwaphunziracho, ndi kukula kwake. Mbali imeneyi imaonetsa kuti simukuchoka ndi chidani, komanso imakupatsani mpata wotchula luso lanu popanda kudzitama. Musakokomeze. Mukayamikira kampani mopyola muyeso, funso lotsatira lidzakhala lakuti, "Nanga mukuchokeranji ngati kuli bwino chonchi?"

Mbali yachiwiri ndi malire amene mwafika, onenedwa ngati mfundo ya mmene ntchitoyo ilili, popanda munthu wolakwa. Iyi ikhale yaifupi koposa zonse, chiganizo chimodzi.

Mbali yachitatu ndi chimene chakukokerani kuno, ndipo muchitchule ndi mawu ofanana ndi a m'chilengezo chawo. Mbali imeneyi ndiyo iyenera kutenga nthawi yambiri, komanso ndi pamene muyenera kuthera, chifukwa wofunsa amakonda kutola funso lotsatira pa mawu anu omaliza. Mukathera pa kampani yakale, akufunsani za kampani yakale. Mukathera pa ntchito yawo, nkhani imalowera kumene mukufuna.

Titakonza kangapo, yankho la mng'ono wanga linakhala chonchi:

"Pamene ndilipa ndagwirapo zaka zinayi, ndipo ndi pomwe ndaphunzirira kulandira katundu, kumusunga ndi kumuwerengera mwezi ndi mwezi, mitundu yoposa 300, ndili ndekha. Kampaniyo ndi yaing'ono, pamwamba pa udindo wanga pali eni ake okha, ndipo zonse timalemba m'mabuku. Ine ndinaphunzira kuwerengera katundu pakompyuta ndipo ndikufuna kuti luso limenelo ligwire ntchito. Nditaona kuti kuno mukufuna munthu woyang'anira malo awiri osungira katundu pogwiritsa ntchito kompyuta, komanso wotsogolera anthu atatu, ndinaona kuti ndi sitepe imene ndakonzeka kukwera."

Taonani kuti m'yankho lonselo mulibe munthu amene wachita kanthu koipa. Ziganizo zake zili ndi mawu monga "ndagwira", "ndinaphunzira", "ndikufuna". Pamene kampani yatchulidwa, yatchulidwa kukula kwake ndi kagwiridwe kake, zinthu zimene bwana wake angavomereze. Njira yodziyesera ndi imeneyi: mukalemba yankho lanu, fufuzani mawu onse oyamba ndi "ama-" kapena "sa-" amene akuloza anthu, monga "amandipondereza", "sayamika", "samva". Paliponse pamene mwapeza otero, pali chala chimene chaloza munthu. Tembenuzani chiganizocho kuti chinene chimene inu mukufuna. "Amandiyang'anira chilichonse ngati mwana" chimasanduka "ndafika poti ndikhoza kuyendetsa gawo ndekha n'kumapereka malipoti, ndipo udindo uno ukupereka mpata umenewo." "Sakweza anthu" chimasanduka "paudindo wanga palibe sitepe ina pamwamba." "Anzanga ndi aulesi" nthawi zambiri sichisanduka kanthu, chimangofunika kuchisiya.

Ngati intaviyuyo idzachitike m'Chingelezi kapena chilankhulo china, mangani yankholo m'chilankhulo chomwecho kuyambira pachiyambi. Kumasulira m'mutu muli pampando wa mafunso kumachititsa kuti mawu amene munawasankha mosamala asowe, n'kubwera aja a papepala loyamba.

Chotsani minga yobisika

Kunyoza kwambiri kumene ndamva pa intaviyu sikunali kwa mawu achipongwe. Kunali kwa anthu aulemu amene ankaganiza kuti adziletsa. Wina amati, "Sindikufuna kunena zoipa za abwana anga, koma…" Pamenepo wanena kale. Wina amati, "Pali zambiri, koma ndingosiyira pomwepo," akumwetulira mwa mbali. Ameneyu wasiyira wofunsayo kuti adzipekere yekha nkhani, ndipo nkhani yodzipekera imakhala yoipa kuposa yeniyeni.

Palinso kunyoza kodzera m'kuyamikira. "Ndikufuna malo amene antchito amalemekezedwa." "Ndamva kuti kuno zinthu mumachita mwachilungamo." Mawu amenewa akumveka okoma, koma aliyense akumva kumbuyo kwake: kumene ndili salemekeza anthu, kumene ndili kuli chinyengo. Ngati chimene mukuyamikira kwa olemba ntchito atsopanowo ndi khalidwe, ndiye kuti mwanena kuti akale alibe khalidwe. Yamikirani zinthu za ntchito: kukula kwa udindo, mtundu wa makasitomala, zida, maphunziro amene amapereka.

Thupi nalonso limalankhula. Mng'ono wanga atapeza mawu abwino, anali akupumirabe m'mwamba asanayambe, ndipo pofika pa mawu akuti "eni ake" ankatsitsa mawu n'kuyang'ana kumbali. Iye sankadziwa. Tinamujambula pafoni, atadzionera yekha anagwira pakamwa. Dzijambuleni inunso, kenako muonere kawiri: koyamba mutatseka mawu kuti muone nkhope yokha, kachiwiri mutatseka maso kuti mumve mawu okha. Mukufufuza kupuma kwa munthu wotopa, kaseko kowawa, kugwedeza mutu, ndi pamene liwu likusintha. Pamene liwu lasinthapo ndi pamene bala lili, ndipo wofunsa wozolowera amakhudza pomwepo.

Konzekerani funso lachiwiri

Yankho lokonzedwa bwino ofunsa amalizindikira, ndipo sadana nalo. Koma ambiri amafuna kuona chimene chili pansi pake, ndiye amakankha pang'ono. Anthu ambiri amagwera apa, atadutsa bwino funso loyamba. Kulumpha dzenje n'kulionera patali, ndiye tiyeni tiwaone maenjewo.

Dzenje loyamba ndi kukhala chete. Mwamaliza yankho, wofunsa akungokuyang'anani, cholembera chili m'manja. Masekondi asanu amaoneka ngati ola. Mumayamba kuganiza kuti yankho silinakwane, n'kuwonjezera kuti, "Komanso kunena zoona…" Chimene chimatsatira mawu amenewo ndi chija munachisiya kunyumba. Mukamaliza, tsekani pakamwa, yang'anani wofunsayo mwaulemu, dikirani. Nthawi zambiri amakhala akungolemba.

Lachiwiri ndi chifundo. Wofunsa amatsamira kutsogolo n'kunena motsitsa, "Kampani imeneyo timaimva, akuti n'kovuta kugwirako, eti?" Mwina akunena mochokera pansi pa mtima, mwina akukuyesani, inu simungadziwe, ndipo yankho ndi limodzi mbali zonse. Musavomereze, musatsutsenso mwabodza. Nenani za inu: "Ntchito imachuluka ndithu, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndipo zandiphunzitsa kukonzekera pasadakhale. Koma chimene chandibweretsa kuno ndi udindowu."

Lachitatu ndi funso lolunjika: "Mumagwirizana bwanji ndi bwana wanu?" kapena "Ndi chiyani chimene simukonda pantchito yanu?" Apa musanene kuti zonse zili bwino, palibe angakhulupirire. Fotokozani kusiyana kwa kagwiridwe ka ntchito, ndi chimene inu munachita. Mng'ono wanga anakonza chonchi: "Abwana anga amapanga ziganizo mwachangu, malangizo amatha kusintha tsiku lomwelo. Ndinaphunzira kulemba chilichonse chimene tagwirizana n'kuwatumizira uthenga wachidule wotsimikiza, ndipo zinachepetsa kusamvana." Zimenezi anachitadi, sitinapeke. Onani kuti vuto lija latchulidwa, koma lavala mawu amene bwanayo mwina angasangalale nawo, ndipo nkhaniyo yathera pa luso la woyankha. Konzani nkhani imodzi yotere, ya kusamvana kwenikweni kumene kunatha bwino, kuti musakafufuze m'mutu muli pomwepo.

Lachinayi ndi lakuti, "Kodi munakambiranapo ndi abwana anu za zimenezi?" Ngati munatero, nenani mwachidule kuti munafunsa, ndipo anakuuzani kuti pakadali pano palibe udindo wina. Musawonjezere mmene anayankhira. Ngati simunafunsepo, vomerani, n'kufotokoza kuti kakulidwe ka kampaniyo kakuonetseratu kuti mpata palibe.

Pamene nkhani yake ndi yolemera

Si nthawi zonse pamene mungathe kusankha chifukwa chofewa. Pali zochitika zimene zimaonekera pa mbiri yanu ya ntchito kapena zimene okuchitirani umboni adzazinena, ndipo kuzizemba kumaoneka ngati kubisa. Lamulo lake ndi lomwe lija: nenani chochitikacho m'chiganizo chimodzi, musagamule, pitani kutsogolo.

Malipiro akamachedwa, mukhoza kunena, chifukwa ndi mfundo yoti munthu angaitsimikize. Koma pali kusiyana pakati pa "malipiro akhala akuchedwa miyezi itatu yapitayi, ndipo ndikufuna ntchito yokhazikika" ndi "eni ake amadya ndalama ife tikuvutika." Choyamba ndi chimene chakuchitikirani. Chachiwiri ndi mlandu umene mulibe umboni wake. Samalaninso kuti musaulule za m'kati mwa kampani, monga ngongole zake, makasitomala amene yataya kapena mitengo imene imagulira katundu. Makontirakiti ambiri amaletsa zimenezi ngakhale mutachoka, ndipo ngati kumene mukufunsirako ndi opikisana nawo, adzamvetsera mwachidwi, kenako n'kuganiza kuti tsiku lina zinsinsi zawonso mudzazinyamula chonchi. Kwa mng'ono wanga tinagwirizana kuti za malipiro asaziyambe yekha, popeza anali ndi chifukwa china cholimba. Azinene pokhapokha atafunsidwa.

Ngati mukufuna malipiro okwera, si tchimo, koma lisakhale yankho lonse. Wofunsa amaganiza kuti wina akadzawonjezera pang'ono mudzapitanso. Limangirireni ku kukula kwa udindo, ndipo za ndalama zenizeni muzisunge mpaka nthawi yokambirana malipiro.

Ngati kampani ikuchepetsa antchito kapena kontirakiti ikutha, nenani mosabisa, ndi nambala ngati mukuidziwa: "Gawo lathu linatsekedwa, tinachoka anthu 12." Nambalayo imaonetsa kuti sanasankhe inu nokha. Musapitirize kufotokoza kuti akuluakulu anayendetsa molakwika.

Ngati munachotsedwa chifukwa cha kulakwitsa, apa ndi pamene mtima umafunitsitsa kuloza wina. Koma yankho lokhalo limene ndaliona likugwira ntchito ndi lovomera mbali yanu: chimene chinachitika, chimene munalakwitsa, chimene mwasintha. "Sindinakwanitse mlingo wa malonda miyezi itatu yotsatizana ndipo anandichotsa. Ndinachedwa kupempha thandizo. Panopa ndimaunika manambala anga sabata iliyonse, ndipo ndikaona kuti ndikutsalira ndimanena msanga." Si onse adzakulembani ndi yankho limeneli, ndisakunamizeni. Koma amene angakulembeni adzakhala akudziwa zoona, ndipo simudzagona ndi mantha a foni.

Ngati mwangokhala miyezi inayi kapena isanu, nenani kusiyana kwa ntchito imene munafunsira ndi imene munaipeza, popanda mawu akuti anakunamizani: "Ndinalowa ngati wowerengera ndalama, koma zosowa za kampani zinasintha ndipo nthawi yambiri ndikugulitsa. Ndikufuna kubwerera ku ntchito imene ndinaphunzira."

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna ndiinene mosamala. Ena akuchoka chifukwa chozunzidwa, kufunsiridwa mokakamiza ndi wamkulu, kusalidwa, kapena kuuzidwa kuti asaine zinthu zachinyengo. Malangizo anowa sakutanthauza kuti zimenezo muzikwirire. Zili ndi malo ake: ofesi yoona za antchito pakampanipo, bungwe la ogwira ntchito, ofesi ya boma yoona za ntchito, loya, ngakhale apolisi. Kumeneko kanenani zonse, ndi mayina ndi masiku. Koma anthu a pa intaviyu sangakuweruzireni mlandu, sangakutetezeni, ndipo simuli okakamizidwa kuwatsegulira bala lanu. Mukhoza kunena kuti, "Panali nkhani ina imene ndinaipereka kwa oyenera, ndipo ndinaona kuti ndi bwino ndichoke. Popeza ikukhudza anthu ena, sindingaifotokoze pano." Mawu amenewa akusiyana ndi kusiyira nkhani m'malere kuja, chifukwa mwanena chimene munachita komanso chifukwa chimene simukupitirizira. Wolemba ntchito wanzeru amaima pomwepo. Akaumirira kuti mutchule mayina, mwaphunzirapo kanthu za malo amenewo.

Gwirizanitsani nkhani yanu paliponse

Funso limeneli silifunsidwa m'chipinda cha intaviyu mokha. Limapezeka pafomu yofunsira ntchito, pamene pali kabokosi kakang'ono ka chifukwa chochokera. Lembanimo mawu ochepa, monga "kufuna udindo wokulirapo" kapena "kutha kwa kontirakiti", ogwirizana ndi amene mudzanene pakamwa. Amene akukuimbirani foni koyamba amalifunsa, ndipo amalemba. Wolandira alendo kapena wokuperekezani pakhomo akhozanso kulifunsa mocheza intaviyu itatha, inu mutamasuka. Onsewa apatseni yankho limodzi. Okuchitirani umboni auzeni pasadakhale ntchito imene mwafunsira ndi chifukwa chimene mwapereka, kuti asadzadabwe pafoni. Simukuwauza zonena, mukungowadziwitsa. Ndipo yang'ananinso zimene munalemba pa masamba a mchezo usiku uja munakwiya, chifukwa olemba ntchito ena amafufuzako.

Poyeserera, musaloweze liwu ndi liwu. Lowezani mbali zitatu zija ndi chiganizo chomaliza, kenako muyankhe mokweza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mawu azisinthasintha pang'ono. Pezani munthu wokufunsani amene angakukankheni ndi maenje anayi aja, makamaka lija lokhala chete.

Nanga mukaterereka? Zimachitika. Mukangozindikira kuti mwanena mawu olasa, musayese kuwafotokozera, chifukwa kufotokozera kumakulitsa. Imani, konzani kamodzi, bwererani kumbali yachitatu. Mng'ono wanga zinamuchitikira. Mayi wina wa pagulu la ofunsawo anamufunsa kuti katundu akasowa zimatha bwanji, iye n'kutulutsa kuti, "Mlandu umagwera ine nthawi zonse." Anandiuza kuti anamva thupi lonse kuzizira. Anapuma, n'kunena kuti, "Pepani, ndikonze pamenepo. Udindo wa katundu ndi wanga, ndiye n'zoyenera kuti afunse ine. N'chifukwa chake ndinayamba kuwerengera katundu wothamanga sabata iliyonse m'malo modikira mwezi, ndipo ndi zimene ndikufuna kudzachita kuno pa malo awiriwa." Mayiwo analemba kanthu papepala, kenako anamufunsa kuti katundu wothamangayo amamusankha bwanji, ndipo mphindi khumi zotsatira anakambirana za kawerengedwe ka katundu.